DisplayPort kapena HDMI pa monita ya 165Hz, nanga chingwe chodula n'chofunikadi?

Funso: "Akulu ndithandizeni. Ndagula monita yakaunjika ya mainchesi 27, ya 2560x1440 pa 165Hz, khadi yanga ndi RTX 3060. Inabwera ndi chingwe cha HDMI chokha ndipo ndikalumikiza ikungofika 144Hz, 165 sikuoneka n'komwe. Mnzanga anandibwereka chingwe cha DisplayPort chakale cha mamita atatu, 165 yabwera koma sikirini ikumathima kwa masekondi awiri pakati pa gemu kenako n'kuyakanso. Kushopu akundiuza ndigule HDMI yagolide yolembedwa 8K, mtengo wake katatu. Ndigule imeneyo? Komanso ndikufuna kudzagula PS5 chaka chamawa."

Achimwene, chagolidecho musagule, sichikupatsani 165Hz olo chitakhala cha golide weniweni. Chimene mukufuna inu ndi chingwe cha DisplayPort chachifupi, mita imodzi ndi theka kapena awiri, chabwinobwino basi, ndipo chingwe cha HDMI chimene muli nachocho muchisunge podikira PS5 ija.

HDMI ikuima pa 144 chifukwa cha poti imene ili kumbuyo kwa monita yanuyo, chingwe chilibe mlandu. Chithunzi chimachoka pa khadi, kudutsa m'chingwe, n'kukalowa pa monita, ndiye zili ngati madzi odutsa m'mapayipi atatu olumikizana, madzi otuluka kumapeto amatengera payipi yaing'ono kwambiri pa atatuwo, mukakulitsa yapakati koma yakumapeto ili yomweyo palibe chisinthe. Khadi yanu ya RTX 3060 ili ndi HDMI 2.1 imene ndi yayikulu zedi, koma mamonita ambiri a 1440p a 165Hz anawaika HDMI 2.0, ndipo kuima pa 144 ndendende ndi chizindikiro choti yanunso ili choncho. Khadi ndi monita zikalumikizana zimayamba zauzana, monita imanena kuti pa poti iyi ine ndimatha mpaka apa, khadi n'kumvera, nde Windows imangokuonetsani zomwe monita yavomera.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone kuti si nkhambakamwa. Sikirini yanu ili ndi timadontho, mapikiseli, 2560 chopingasa ndi 1440 chotsika, mukachulukitsa akukwana 3,686,400. Pikiseli iliyonse imafuna mabiti 24 kuti mtundu wake udziwike, 8 a kufiira, 8 a girini, 8 a buluu. Ndiye 165Hz ikutanthauza kuti chithunzi chonsecho chikutumizidwa ka 165 pa sekondi imodzi.

```
2560 x 1440 x 24 x 165 = 14.6 Gbps
2560 x 1440 x 24 x 144 = 12.7 Gbps
```

Pamwamba pa manambala amenewa pamawonjezekera kampata kamene siginolo imasiya kumapeto kwa mzere uliwonse ndi kumapeto kwa chithunzi chilichonse, nde zenizeni zake 165Hz imafuna pafupifupi magigabiti 16 pa sekondi pomwe 144Hz imafuna 14 ndi kakang'ono pamwamba. Tsono HDMI 2.0, imene inatuluka mu 2013, pa pepala amalemba magigabiti 18, koma gawo lina limapita ku kakonzedwe ka siginoloyo, pa mabiti 10 aliwonse oyenda m'waya 8 okha ndi amene ali chithunzi, ndiye otsala ndi 14.4 basi. Mwaona eti? 144Hz ikulowa mothinana kwambiri, 165Hz sikulowa. Chingwe cha 8K chija chikhoza kunyamula magigabiti 48 koma monita yanu pa poti imeneyo ilandira 14.4 omwewo.

Pomwe DisplayPort, olo yakale ya 1.2 ya m'chaka cha 2010, imasiya magigabiti 17.28 a chithunzi, ndipo ya 1.4 imasiya 25.92. N'chifukwa chake chingwe cha mnzanucho, chakale chomwecho, 165 inatulukira pompo. Kwa zaka zambiri opanga mamonita a kompyuta akhala akuika mphamvu zawo pa DisplayPort, HDMI n'kumaiika ngati yongothandizira, ndipo mukatsegula kabuku ka monita iliyonse, kapena tsamba lake kwa amene anaipanga, mupeza katebulo kosonyeza kuti pa poti iyi ma Hz amafika apa, pa iyi amafika apa. Ine ndimauza aliyense kuti katebulo kameneko ndi koyamba kukaona musanatulutse ndalama, nambala yayikulu yolembedwa pa katoni nthawi zambiri imakhala ya DisplayPort yokha.

Pali chifukwa chachiwiri chimene kwa ine n'chachikulu kuposa kusiyana kwa 144 ndi 165, poti kunena zoona ma Hz 21 amenewo maso a anthu ambiri sawasiyanitsa. Chifukwa chake ndi G-Sync. Gemu simatulutsa mafulemu ofanana nthawi zonse, pena 150, pakachuluka zochitika n'kutsika kufika 90, ndiye monita ikamathamanga pa liwiro lake losasintha chithunzi chimaoneka ngati chang'ambika pakati kapena chimadodomadodoma. Mamonita ngati yanuyi amatha kutsatira liwiro la khadi, ambiri amalemba FreeSync kapena Adaptive-Sync pa katoni. Nvidia inayamba kulola makhadi ake kugwira ndi mamonita otere mu Januwale 2019, koma pa monita ya HDMI 2.0 zimatheka kudzera pa DisplayPort, chifukwa FreeSync yodutsa pa HDMI yakale ndi njira ya AMD yokha ndipo khadi ya Nvidia siimva. Nde inu ndi RTX 3060 yanuyo mukakhala pa HDMI, mwataya 165Hz komanso mwina mwatayanso G-Sync osadziwa. Mukalumikiza DisplayPort, yatsani FreeSync kapena Adaptive-Sync m'menyu ya monita, ya mabatani ali pansi kapena kumbuyo ija, kenako mu NVIDIA Control Panel mupite pa Set up G-SYNC n'kuchonga. Monita yanu ikakhala kuti sili pamndandanda wa zomwe Nvidia inayesa, pamakhala kabokosi kena kolembedwa Enable settings for the selected display model, muchongenso kameneko.

Tsopano nkhani ya kuthimathima ija, imene ndi nkhani ya chingwe yeniyeni.

Siginolo ya DisplayPort ndi HDMI ndi ya manambala, ziro ndi wani, nde chingwe chodula sichingapangitse kufiira kukhala kofiira kwambiri kapena chithunzi kukhala chakuthwa kuposa pa chingwe chotchipa, zonse zikafikitsa manambalawo bwinobwino chithunzi chimakhala chimodzimodzi ndendende. Koma musamvenso za anthu amene amati chingwe chilichonse n'chimodzimodzi, si zoona. Pa liwiro limeneli peya iliyonse ya mawaya a DisplayPort 1.4 ikunyamula magigabiti 8.1 pa sekondi, ndipo alipo mapeya anayi, siginolo ikamayenda imafooka, ikafooka kwambiri monita imalephera kusiyanitsa ziro ndi wani. Chingwe chikatalika imafooka kwambiri, waya wamkati akakhala woonda kapena wosatchingidwa bwino imafookanso komanso imatola phokoso la magetsi kuchokera ku zinthu zoyandikana nazo. Chingwe choipa sichimapereka chithunzi chosaoneka bwino ngati ma TV a eriyo akale aja ayi, chimachita zinthu zodziwikiratu. Sikirini imada kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubwerera, umo ndi mmene khadi ndi monita zikuyambiranso kugwirizana zitatayana. Pena mumaona timadontho toyera kapena tofiira tikuthwanima pamalo akuda, pena mizere yodutsa, pena uthenga woti No Signal kompyuta ili chiyakire. Ndipo china chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti khadi ikaona kuti chingwe chikulephera imatha kutsika yokha pa liwiro lotsika, inu n'kungoona kuti 165Hz yasowa pamndandanda dzulo inalipo, kapena mitundu yasintha kuchoka pa RGB kupita pa YCbCr422, pamene zilembo zing'onozing'ono, makamaka zofiira pa buluu, zimaoneka zosokonekera m'mphepete.

Zimene mwafotokoza inuzi, chingwe chakale, mamita atatu, kuda kwa masekondi awiri, zikugwirizana kwambiri ndi chingwe chimene chili pamalire. Koma musanagule china yesani izi, sizifuna ndalama.

Lowani m'menyu ya monita mufufuze pamene palembedwa DisplayPort Version kapena DP Version, mamonita ambiri ali napo ndipo amakulolani kusankha 1.1, 1.2 kapena 1.4. Ngati ili pa 1.4 itsitseni pa 1.2. Paja tawerengera kuti inu mukufuna pafupifupi 16, ndipo 1.2 ikupereka 17.28, ndiye 165Hz yanu ikwanabe, koma peya iliyonse ya mawaya tsopano ikunyamula magigabiti 5.4 m'malo mwa 8.1, ntchito imene chingwe chakale chimaitha mosavuta. Mukasewera madzulo awiri atatu osathimanso, mwadziwa kuti vuto linali chingwe, ndipo mukhoza kukhala choncho mpaka mutapeza chabwino. Chimene mwataya pa 1.2 ndi mitundu ya mabiti 10, imene HDR imafuna, chifukwa mabiti 10 pa mtundu uliwonse akutanthauza 30 pa pikiseli m'malo mwa 24, ndipo pa 165Hz zimafika pafupifupi magigabiti 20, zoposa 1.2 koma zokwana bwino mu 1.4. Ine maganizo anga ndi oti pa mamonita a mtengo wapakatikati HDR yake simakhala yoti munthu n'kuilirira, kuwala kwake kumakhala kochepa, nde sindingadandaule nazo. Ngati monita yanu ndi ya 1.2 kale ndipo palibe chotsitsa, tsitsani ma Hz kufika 120 kapena 100 muone ngati kuthima kukusiya, kukasiya ndiye chingwe chomwecho n'chimene tikuchikayikira.

Koma muonetsetse kaye kuti kuthimako ndi kwa siginolo osati magetsi, poti kwathu kuno magetsi amatsika ndi kukwera ndipo monita imatha kuzima yokha kompyuta osazima. Kusiyanitsa n'kosavuta. Ikathima yang'anani kagetsi kakang'ono kapakona kaja, ngati kazima ndipo pobwerera monita yayamba yaonetsa chizindikiro cha kampani yake ngati mwangoiyatsa kumene, amenewo ndi magetsi, onani adaputala yake ndi ekisitenshoni imene mwalumikizapo. Ngati kagetsi kali chiyakire, sikirini yangoda n'kubwerera molunjika mu gemu, pena n'kuonetsa kabokosi kolembedwa DisplayPort pakona, imeneyo ndi siginolo. Muonenso nthawi imene zikuchitika. Zikamachitika firiji ikamayamba kulira, kapena wina akayatsa getsi, kapena mukangodzuka pampando wa ofesi wokwera ndi kutsika uja, ndi phokoso la magetsi limene likulowa m'chingwe chosatchingidwa bwino, ndipo za mpandozi musaseke, zimachitikadi. Chingwe cha chithunzi musachimange pamodzi ndi zingwe za magetsi, musachipinde mwamphamvu pafupi ndi mutu wake, ndipo kankhani mutuwo mpaka ulowe wonse, makesi ena ali ndi kachitsulo pafupi ndi mapoti a khadi kamene kamatchinga pulasitiki ya mutu wa chingwe, nde chimaoneka ngati chalowa koma chatsala pang'ono. Pomaliza zimitsani G-Sync tsiku limodzi muone, chifukwa mamonita ena amathima mafulemu akatsika kwambiri, monga pa sikirini yodikira gemu ikamalodi, ndipo pamenepo olo mugule chingwe chanji sizisintha.

Nde pogula muyang'ane chiyani? Choyamba utali. Yezani kuchoka pa khadi kufika pa monita, muwonjezere pang'ono kuti chisakokeke, basi. Mamita awiri kutsika pansi ndi pamene zingwe wamba za DisplayPort zimagwira bwino pa liwiro lonse, kupitirira pamenepo zimayamba kudalira kapangidwe kake, ena mamita atatu amayenda bwino ena ayi. Anthu amakonda kugula chachitali poganiza kuti chidzathandiza mtsogolo, kenako n'kuchikulunga kumbuyo kwa tebulo, uko n'kudzipezera mavuto ndi ndalama zako zomwe.

Chachiwiri ndi chimene chalembedwa pa paketi, ndipo apa pamafunika kuchenjera chifukwa aliyense akhoza kudinda 8K pa pulasitiki. Zingwe za DisplayPort zonse zili ndi mapini 20 ofanana, mkati mwa chingwe wamba mulibe chipangizo chonena kuti ine ndine 1.2 kapena 1.4, kusiyana kwake ndi kwakuti chinapangidwa bwino motani ndipo chinayesedwa pa liwiro lanji. Bungwe limene limayang'anira DisplayPort ndi VESA, ndipo zingwe zimene zinadutsa mayeso awo pa liwiro la 1.4 amazitcha DP8K, pa paketi mumapezanso mawu oti VESA Certified kapena HBR3. Chimenecho ndi chimene mukufuna inu. Mukapeza cholembedwa DP40 kapena DP54 pa mtengo wofanana tengani, ndi za DisplayPort 2.1 ndipo zimagwiranso pa zipangizo zakale, koma musalipire zambiri chifukwa cha izo, khadi yanu imathera pa 1.4a. Ndikudziwa kuti m'mashopu athu ambiri zingwe zimabwera m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina, ndiye njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukachiyesa kunyumba ndipo chikathima mubweza, kapena funsani kwa anthu okonza ndi kugulitsa makompyuta a m'maofesi, amakhala ndi zingwe zimene zinabwera m'katoni ndi mamonita a makampani akuluakulu, zosaoneka bwino, zakuda bii zopanda golide, koma zambiri zimakhala zopangidwa molongosoka ndipo pa 1440p 165Hz ya mabiti 8 zimakwana. Poyesa muike pa 165Hz, muyatse gemu yolemera, muisiye ola lathunthu, n'kugwedezako chingwecho pang'ono pafupi ndi mitu yake. Chingwe chofooka sichibisala nthawi yayitali.

Pali vuto limodzi la zingwe za DisplayPort zopangidwa mwachinyengo limene ndikufuna mulidziwe, la pini ya nambala 20. Pini imeneyi imatulutsa magetsi a 3.3V pa khadi komanso pa monita, cholinga chake ndi kudyetsa maadaputala, ndipo pa chingwe wamba cholumikiza khadi ndi monita siyenera kulumikizidwa mbali zonse ziwiri. Opanga ena osasamala amailumikiza, nde monita imayamba kubweza magetsi kulowa m'khadi. Zizindikiro zake n'zodabwitsa, kompyuta kukana kuyaka mpaka mutazula chingwe cha monita, timagetsi ta pa khadi kukhalabe toyaka mutazimitsa kompyuta pakhoma, kapena kompyuta kukana kudzuka ikagona. Mukaona zotere ndi chingwe chatsopano, chichotseni tsiku lomwelo.

Golide uja ntchito yake ndi kuteteza mapini ku dzimbiri, kwa amene amakhala kunyanja kapena malo achinyontho ndi chinthu chabwino ndithu, koma pa liwiro sawonjezera kalikonse. Chimodzimodzi nsalu yolukidwa kunja kwa chingwe, imathandiza kuti chisathetheke msanga basi.

Kanthu kena kakang'ono koma kamaononga mapoti ambiri, mitu yambiri ya DisplayPort ili ndi timano tiwiri togwira, ndipo pamwamba pake pali batani loti mudine musanakoke. Munthu wozolowera HDMI amangokoka mwamphamvu, poti ya monita n'kuzuka kapena kumasuka mkati, ndipo poti yomasuka imathimathimanso ngati chingwe choipa. Popeza monita yanu ndi yakaunjika, ngati chingwe chatsopano chabwino chikuthimabe, yesani kaye poti ina pa khadi, ambiri a RTX 3060 ali ndi ma DisplayPort atatu, zikapitirira ndiye muyambe kukayikira poti ya monitayo.

Mukamaliza kulumikiza musaganize kuti 165Hz ibwera yokha, Windows imakonda kukhala pa 60 mpaka mutaiuza. Pitani pa Settings, System, Display, Advanced display, pamene palembedwa Choose a refresh rate musankhe 165. Pa tsamba lomwelo muona Bit depth ndi Color format, pazikhala 8-bit ndi RGB, kapena 10-bit ngati mwasankha choncho. Mu NVIDIA Control Panel pa Change resolution pali magulu awiri a marezolushoni, lapamwamba lolembedwa Ultra HD, HD, SD ndi lapansi lolembedwa PC, musankhe 2560 x 1440 ya m'gulu la PC chifukwa lapamwambalo ndi la ma TV ndipo nthawi zambiri silionetsa ma Hz okwera. Mamonita ena anapangidwa a 144 ndipo 165 imabwera mukayatsa Overclock m'menyu yake, koma poti inu mwaiona kale 165 ndiye izi sizikukukhudzani. Ndipo chingwe chizilowa pa khadi, mapoti opingasa ali m'munsi aja, osati mapoti a pa mathabodi ali pafupi ndi ma USB.

Musamve ngati ndikunena kuti HDMI ndi yoipa, ayi ndithu. HDMI 2.1 ya 2017 imafika magigabiti 48, oposa DisplayPort 1.4, ndipo pa monita ya 4K imene ili ndi HDMI 2.1 yeniyeni nkhani imatembenuka. 4K pa 144Hz imafuna magigabiti oposa 28 tisanawonjezere kampata kaja, DisplayPort 1.4 yokha singakwanitse, imadalira njira yopanikiza chithunzi yotchedwa DSC. Ineyo DSC sindiiopa, maso saona kusiyana, kungoti pa makhadi ena a Nvidia sikirini imada masekondi angapo mukamatuluka mu gemu ndi Alt+Tab, ndiye munthu wa 4K amene zimamunyansa akhoza kusankha HDMI 2.1 ndipo sanalakwe. Koma pa HDMI 2.1 pali msampha. Amene amapereka ziphaso za HDMI anathetsa dzina la 2.0, zonse zinalowa pansi pa 2.1 ndipo zatsopanozo n'zosakakamiza, nde kampani ikhoza kulemba HDMI 2.1 pa monita imene poti yake imathera pa magigabiti 18 omwe aja ndipo sinaname mwalamulo. Chimene muyang'ane ndi nambala ya magigabiti, 40 kapena 48, kapena zilembo zoti FRL, mukangoona TMDS yokha dziwani kuti ndi 2.0 yakale yovala dzina latsopano. DisplayPort 2.1 nayonso ili ndi zomwezo, ina ndi ya 40, ina 54, ina 80, dzina limodzi, ndiye tsiku limene mudzagule monita yayikulu mudzawerenge nambala osati dzina.

Za PS5 ndi zachidule. Ilibe DisplayPort, ndi HDMI basi, ndipo imathera pa 120Hz. Kuyambira 2022 imatha kutulutsa 1440p, ndipo 1440p pa 120Hz imakwana bwino mu HDMI 2.0 ya monita yanu, bola monitayo ikhale yovomera 120Hz pa poti imeneyo, zimene PS5 imakuyeserani yokha m'masetingi ake. Imabweranso ndi chingwe chake m'katoni chokwanira bwino. VRR ya PS5, imene ndi G-Sync ya kumeneko tinene choncho, imafuna monita yodziwa VRR ya HDMI yeniyeni, FreeSync yokha sikwanira, ndiye pa monita yanuyi mwina simudzaipeza, koma gemu idzaseweredwa bwinobwino. Nde kompyuta pa DisplayPort, PS5 pa HDMI, muzingosintha ndi batani la Input. Musayese kugula kachingwe kotchipa kolembedwa DisplayPort to HDMI kuti mulowetse PS5 pa DisplayPort ya monita, timeneto timayenda mbali imodzi yokha, kuchoka pa DisplayPort ya kompyuta kupita pa HDMI ya sikirini, mukatembenuza sikuoneka kanthu, ndipo zotembenuza zenizeni zimafuna magetsi akeake komanso zambiri zimataya ma Hz okwera ndi VRR.

Ngati tsiku lina mudzafunedi chingwe cha HDMI, mayina ake ovomerezeka ndi osavuta kukumbukira. High Speed chinayesedwa pa magigabiti 10.2, Premium High Speed pa 18, ndicho chokwanira HDMI 2.0, ndipo Ultra High Speed pa 48, cha 4K pa 120Hz. Ziwiri zomalizazi zenizeni zimakhala ndi kasitika kowala kokhala ndi kachizindikiro ka QR pa paketi, ndipo pali apu ya pafoni yotchedwa HDMI Cable Certification imene mumasikana nayo n'kukuuzani dzina la kampani ndi utali wa chingwecho, zikasiyana ndi zimene zili m'manja mwanu ndiye n'chabodza. Chingwe cha HDMI chimene muli nacho pano chikunyamula kale 1440p pa 144Hz osathima, kutanthauza kuti chikugwira pafupifupi pamathero a HDMI 2.0, ndiye pa 120Hz ya PS5 chidzakwana popanda vuto.